Momwe Mungatsimikizire Mayunitsi, Msonkho ndi Ndalama Yonse pa Chithunzi cha Lisiti la Magetsi

Pamalo pamene mabanja angapo amagwiritsa ntchito mita imodzi, kapena pamene wachibale wakutali amakugulirani magetsi, umboni wa malipiro nthawi zambiri umabwera ngati chithunzi chojambulidwa pafoni n'kutumizidwa pa WhatsApp. Chithunzi chotere n'chosavuta kuchiwerenga molakwika, makamaka pa magetsi olipiriratu a ESCOM, chifukwa masamu ake amayenda chobwerera m'mbuyo: munthu amayamba wapereka ndalama, kenako pamachotsedwa msonkho ndi ngongole ngati ilipo, ndipo zotsalazo ndi zimene zimasanduka mayunitsi.

Musanayambe kuwerengera, onani ngati chithunzicho chili chathunthu. Payenera kuoneka nambala ya mita, tsiku ndi nthawi yogulira, ndalama yolipiridwa, mayunitsi, ndiponso tokeni ya manambala 20. Yerekezerani nambala ya mitayo ndi imene yalembedwa pa mita yanu, nambala imodziimodzi, kenako onani tsiku, pakuti lisiti la mwezi watha likhoza kutumizidwanso ngati latsopano. Chithunzi chikakhala chodulidwa pamwamba kapena pansi, pemphani uthenga weniweniwo kuti autumize wonse. Uthenga wa pafoni, monga wa Airtel Money kapena TNM Mpamba, umakhala waufupi, ndipo ngati sunasonyeze msonkho padera, mungaupeze nokha m'njira imene yafotokozedwa m'munsimu.

Gawo lachiwiri ndi kupeza ndalama imene yapitadi ku magetsi. Ndalama imene imadulidwa ndi banki kapena kampani ya foni chifukwa chotumiza si ya magetsi, choncho musaiphatikize. Ngati mita ili ndi ngongole yakale ndipo lisiti likuonetsa kuti ina yadulidwa kubweza ngongoleyo, ichotseni kaye. M'chitsanzo chathu tinene kuti munthu walipira K20,000 ndipo palibe ngongole iliyonse.

Gawo lachitatu ndi la msonkho wa VAT, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera. Kwa zaka zambiri msonkhowu ku Malawi unali 16.5 peresenti, ndipo tigwiritsa ntchito mulingo umenewu. Koma popeza boma limatha kuusintha, inu tengani mulingo umene unkagwira ntchito pa tsiku la lisitilo. Munthu akaona K20,000 amafulumira kuchotsapo 16.5 peresenti n'kupeza K3,300, kenako n'kuyamba kudandaula kuti lisiti likunama. Lisitilo silinaname. Msonkho suwerengedwa pa ndalama yonse imene mwapereka, koma pa mtengo wa magetsi okha, ndipo K20,000 ija ndi mtengo wa magetsi pamodzi ndi msonkho wake kale. Choncho muyenera kugawa, osati kuchotsa peresenti:

```
20000 ÷ 1.165 = 17167.38
20000 − 17167.38 = 2832.62
```

Apa magetsi ndi a K17,167.38 ndipo msonkho ndi K2,832.62. Kuti mutsimikize, chulukitsani 17,167.38 ndi 0.165, ndipo mupezanso 2,832.62. Kusiyana kwa njira yolondola ndi yolakwika ija ndi K467.38, ndalama yokwanira kukanganitsa anthu okhala pa mpanda umodzi popanda wolakwa. Ngati mulingo wa pa tsiku la lisiti ndi 17.5 peresenti, gawani ndi 1.175 m'malo mwa 1.165, njira yake ndi yomweyo.

Gawo lachinayi ndi kusandutsa ndalama ya magetsiyo kukhala mayunitsi. Yuniti imodzi ndi imene imalembedwa kuti kWh, ndipo mtengo wake umavomerezedwa ndi bungwe la MERA. Mtengowu umasiyana malinga ndi gulu limene mita yanu inalembetsedwa, monga ya pakhomo kapena ya malo a malonda, ndipo umasintha nthawi ndi nthawi, motero funani mndandanda wa mitengo umene unkagwira ntchito pa tsiku logulira, osati wa lero. Onaninso ngati mtengo wolembedwawo uli ndi msonkho kale. Ngati uli nawo, gawani K20,000 yonse ndi mtengowo. Ngati ulibe, gawani K17,167.38. Kusakaniza ziwirizi kumachititsa kuti muchotse msonkho kawiri kapena musauchotse n'komwe.

Pamene mtengo uli umodzi, kugawa kamodzi n'kokwanira. Koma pamene gulu lanu lili ndi mitengo iwiri, wotsika pa mayunitsi oyambirira a mwezi ndi wokwera pa otsatira, pamafunika kudekha. Mitengo yotsatirayi ndi yongoyerekezera kuti njira ioneke: tinene kuti mayunitsi 50 oyambirira ndi a K70 iliyonse, ndipo otsatira ndi a K110, yonse yopanda msonkho.

```
50 × 70 = 3500
17167.38 − 3500 = 13667.38
13667.38 ÷ 110 = 124.2
50 + 124.2 = 174.2
```

Lisiti liyenera kuonetsa mayunitsi pafupifupi 174.2. Tsopano taganizirani kuti mwezi womwewo wina wagulanso magetsi a K20,000 pa mita yomweyo. Mayunitsi otsika mtengo aja anatha pa kugula koyamba, choncho ndalama yonse ya K17,167.38 igawidwa ndi 110, ndipo apeza mayunitsi pafupifupi 156 okha. Anthu awiri alipira ndalama yofanana koma asiyana mayunitsi 18, ndipo zithunzi zawo zonse ziwiri ndi zoona. N'chifukwa chake pa mita ya anthu ambiri muyenera kufunsa ngati wina anagulako kale mwezi umenewo musanakayikire lisiti. Mwa chilungamo, mabanja ogwiritsa ntchito mita imodzi angachite bwino kuphatikiza mayunitsi onse a mwezi n'kugawana mtengo wake, m'malo moti woyamba kugula azipindula yekha.

Gawo lachisanu ndi kubwerera njira yomweyo mpaka kufika pa ndalama yonse. Chulukitsani mayunitsi ndi mitengo yake, onjezerani msonkho ndi ngongole imene inadulidwa, ndipo muone ngati mwafika pa ndalama imene inalipiridwa. M'chitsanzo chathu, 124.2 kuchulukitsa ndi 110 ndi K13,662. Kuphatikiza K3,500 ndi msonkho wa K2,832.62 tipeza K19,994.62. Yaperewera ndi K5.38, ndipo izi zisakudetseni nkhawa, chifukwa mayunitsi tawafupikitsa kukhala ndi nambala imodzi pambuyo pa kadontho, ndipo gawo limodzi mwa magawo khumi a yuniti pano ndi K11. Kusiyana kosapitirira pamenepo n'kwa kufupikitsa manambala basi. Kusiyana kwa mazana kapena masauzande kuli ndi chifukwa chake, ndipo kukula kwake kumakuuzani kofufuza: kukafanana ndi msonkho, ndiye kuti msonkho wawerengedwa kawiri kapena waiwalika, kukakhala nambala yathunthu ngati K2,000, yambani mwafunsa za ngongole ya pa mita.

Bilu ya magetsi olipira pambuyo imayenda molunjika. Chotsani nambala ya pa mita ya mwezi watha pa ya mwezi uno kuti mupeze mayunitsi, chulukitsani ndi mtengo, onjezerani ndalama yokhazikika ya pamwezi ngati ilipo, kenako werengerani msonkho pa zimenezi. Ngongole yochokera mwezi watha imawonjezeredwa pomaliza, chifukwa ili kale ndi msonkho wake.

Masamu akagwirizana, dziwani kuti mwangotsimikiza kuti manambala a pa chithunzicho sakutsutsana. Chithunzi chikhoza kusinthidwa mwaluso manambala n'kugwirizanabe. Umboni wotsiriza uli pa mita. Lembani mayunitsi amene atsala, lowetsani tokeni, ndipo muone ngati awonjezeka ndi kuchuluka kolembedwa pa lisiti. Tokeni imagwira pa mita imodzi yokha ndipo imagwira kamodzi, choncho mita ikaikana ngati yogwiritsidwa kale ntchito, lisitilo ndi lakale kapena wina analowetsa kale. Zikasemphana, pitani ku ofesi ya ESCOM ndi nambala ya mita, tokeni ndi nambala ya malipiro kuti akuonetseni mbiri ya zonse zimene zinagulidwa pa mitayo.