Momwe mungafufuzire imelo yachinyengo pa SOC musanapereke nkhani kwa akuluakulu

Ndimagwira ntchito ya SOC, gulu loyang'anira chitetezo cha makompyuta, pakampani ina yogula mbewu kuno ku Chipata. Nyengo yogula soya ikafika, mainvoisi abodza amachuluka, choncho chenjezo la imelo yokayikitsa likabwera ndimayamba motere.

Pezani imelo yeniyeniyo ngati fayilo ya .eml. Musalole kuti wantchito angodina Forward, chifukwa mizere yobisika yosonyeza komwe imelo yadzera imasintha. Mukaitsegula, yang'anani From, Reply-To ndi Authentication-Results.

Apa mpamene ndinapunthwa. Tsiku lina inabwera imelo ya ogulitsa feteleza omwe timagula nawo kuyambira kale, yonena kuti asintha akaunti ya kubanki. Mizere yake inali yotere:

```
Authentication-Results: spf=pass; dkim=pass; dmarc=pass
From: accounts@feteleza.example
Reply-To: accounts@fete1eza.example
```

Nditaona pass katatu mtima unakhala pansi, ndinatseka tikiti, momwe timalembamo nkhani yomwe tikufufuza. Sindinaone kuti mu Reply-To munali nambala 1 pamalo pa chilembo l. Mawu akuti pass amangotsimikiza kuti imelo yachokeradi ku seva yololedwa ya dzinalo, satsimikiza kuti wolemba ndi mwini wake. Akuba anali atalowa mu bokosi la ogulitsawo n'kumalemba ali m'kati, mayankho n'kumapita kwa iwo. Anatipulumutsa ndi amayi a ku ofesi ya ndalama, amene anaimba foni pa nambala yakale ya m'buku asanalipire. Mpaka lero zimandipweteka. Tsopano imelo iliyonse yosintha akaunti ndimaiwerenga chilembo ndi chilembo, ndipo nambala ya foni yolembedwa m'imelomo sindiikhulupirira.

Fayilo yomwe yabwera ndi imelo musaitsegule pa kompyuta yanu. Tengani hashi yake, mndandanda wa zilembo ndi manambala wozindikiritsa fayiloyo:

```
sha256sum invoice.pdf
```

Hashiyo ifufuzeni pa VirusTotal, n'kwaulere. Fayilo yeniyeniyo musaikweze, chifukwa makasitomala olipira kumeneko angathe kuitenga, pamodzi ndi mayina a alimi ndi mitengo yanu. Ikapanda kupezeka sindiye kuti ndi yabwino, mwina ndi yatsopano chabe. Linki iyeseni pa urlscan.io mutasankha Private. Ndipo pewani anyamata ogulitsa mapulogalamu achitetezo pa fulashi pamtengo wa mbale ya nsima, kachilombo kangathe kukhala momwemo.

Kenako onani kukula kwa vuto. Message trace, chida cholondolera maimelo pa seva, ikuuzani anthu angati alandira, ndipo malogi a pulokisi, seva yomwe antchito amadzera polowa pa intaneti, akuonetsani amene adina linki. Amene wadina mufunseni mofatsa ngati analemba pasiwedi, mukamukalipira abisa. Onaninso ngati akaunti yake yalowedwa kuchokera kudziko lachilendo, kapena ngati m'bokosi lake muli lamulo latsopano lobisa maimelo.

Ngati palibe wadina, tsekani adiresi ya wotumiza, chotsani imelo m'mabokosi onse, tikiti yatha. Wina akalemba pasiwedi kapena ndalama zikakhudzidwa, perekani nkhani kwa akuluakulu a gawo lachiwiri la SOC nthawi yomweyo. Mu tikiti ikani .eml, hashi, nthawi, mayina a odina, ndi linki yolembedwa hxxps ndi [.] m'malo mwa https ndi dontho kuti mnzanu asaidine mwangozi.