Momwe mungalekanitsire zomwe mwaona ndi zongoganizira polemba lipoti la ngozi ya pantchito

Wantchito akavulala, lipoti la kapitawo limawerengedwa ndi anthu amene sanalipo pamalopo, monga abwana ndi a ku ofesi ya zantchito ya m'boma, ndipo iwo amatenga chiganizo chilichonse ngati chinthu chimene wolembayo anachiona. Lamulo la ku Malawi la chipukutamisozi cha ogwira ntchito la mu 2000 limasiyanitsa ngozi wamba ndi kuvulala kobwera chifukwa cha kulakwa kwakukulu kochita mwadala kwa wantchito mwini wake, choncho mawu amodzi olembedwa mopupuluma angathe kusokoneza dandaulo la munthu wovulalayo.

Tiyerekeze kuti pachigayo china wantchito wapanidwa dzanja ndi lamba wa injini, ndipo kapitawo walemba kuti: “Anachotsa chotchingira lamba, anali ataledzera, ndipo wathyoka zala chifukwa chosasamala.” Chiganizochi chili ndi mfundo zinayi, koma kapitawoyo anafika injini itazimitsidwa kale, ndiye kuti palibe ngakhale imodzi imene anaiona.

Yambani ndi kugawa pepala lanu patatu musanakambirane ndi aliyense za chimene chayambitsa ngoziyo: zomwe ndaona kapena kuyeza ndekha, zomwe ena andiuza, ndi zomwe ndikuganiza. Kenako chiganizo chilichonse muchifunse kuti, “Kodi ndadziwa bwanji zimenezi?” Yankho lake ndi limene likuuzeni gawo loyenera kuchiikamo.

Nkhani ya chotchingira ndi imene imapusitsa ambiri. Chimene kapitawo anaona n'chakuti chotchingiracho chinali chotsamiritsidwa kukhoma, pafupifupi mamita 2 kuchokera pa injini, ndipo mabawuti ake anali m'chitini pawindo. Zimenezo zilembedwe chimodzimodzi, pamodzi ndi nthawi imene anaziona, ndipo zijambulidwe pafoni munthu asanasunthe kanthu. Yemwe anachichotsa ndi tsiku limene anachichotsa ndi nkhani ina, pakuti n'kutheka kuti anachichotsa makaniko sabata yatha posintha lamba, n'kuiwala kuchibwezeretsa. Ngati simunapeze yankho, lembani kuti sizinadziwike kuti anachotsa ndani, chifukwa mpata wosiyidwa poyera umachititsa kuti wofufuza afunse, pamene mpata wotsekedwa ndi zongoganizira umamulepheretsa kufunsa.

Za mowa zikhale m'gawo lachiwiri, ndipo zikhale ndi mwini wake: “Wolandira ndalama ananena kuti anamva fungo la mowa pamene ankamunyamula.” Onjezani kuti palibe amene anamuyeza, ngati ndi mmene zinalili. Kudzandira ndi kulankhula mosokonekera si umboni wa kuledzera, popeza munthu amene wataya magazi kapena akumva ululu waukulu amachitanso zomwezo. Mboni muzifunse payekhapayekha tsiku lomwelo, muyambe ndi kufunsa pamene zinaima ndi kumene zinayang'ana, ndipo mupewe mafunso opereka yankho monga akuti, “Si paja anagwira lamba injini ikuyenda?” Mboni ziwiri zikasiyana, lembani mawu a zonse ziwiri osasankha amene akukusangalatsani. Wovulalayo nayenso ndi mboni, ndipo mawu ake alembedwe akapezako bwino.

Bala lifotokozeni monga likuonekera: chala cha mkombaphala ndi chapakati cha dzanja lamanja zinatupa, zinkatuluka magazi, ndipo mwini wake ananena kuti sakutha kuzipinda. Zakuti fupa lathyoka azinene ndi a kuchipatala, inu mungolumikiza kalata yawo ku lipotilo.

Mukamaliza, werenganinso gawo loyamba mukusaka mawu amene amazembetsa maganizo, monga “chifukwa”, “mosasamala”, “mwadala”, “mothamanga” ndi “monga mwa nthawi zonse”. Mawu akuti “chifukwa” ndiwo oopsa kwambiri, pakuti amamangirira pamodzi zinthu ziwiri zoona n'kubala mfundo yachitatu imene palibe anaiona. Chifundo nachonso chimapotoza lipoti: kulemba kuti “anangoterereka mwatsoka” pofuna kuteteza mnzanu n'kongoganizira ngati simunaone ufa kapena mafuta pansi.

Maganizo anu ali ndi malo ake, ndipo kapitawo wodziwa makina asawabise, koma akhale m'gawo lachitatu, lililonse litatchula umboni umene laimirapo ndi njira yolitsimikizira. Mwachitsanzo: “Ndikuganiza kuti chotchingira chakhala chochotsedwa kwa masiku angapo, popeza gaga anaunjikana pamwamba pake, buku la zokonza injini ndi makaniko angatsimikize.” Ngati zatsopano zatulukira mawa lake, musafufute zomwe munalemba poyamba, koma muonjezere ndime pansi pake, mutchule amene wakuuzani, mulembe deti ndi kusainira.