Kuwerengera Phindu la Malonda Pakati pa Mayiko Awiri

"Dziko A likuposa B pa chimanga ndi nsalu zomwe. Ligulirenji kwa B?"

Tiyerekeze kuti wantchito wa ku A amatulutsa matumba 6 a chimanga kapena nsalu 3 patsiku, wa ku B matumba 2 kapena nsalu 2.

Choyamba, pezani chimanga chimene dziko limataya likapanga nsalu imodzi. Ku A ndi 6 ÷ 3, matumba 2. Ku B ndi thumba limodzi basi. Ambiri amaphonya apa, amangoona kuti 3 ikuposa 2.

Ndiye B aziwomba nsalu, A azilima.

Kenako ikani mtengo pakati pa 1 ndi 2, tinene matumba 1.5 pa nsalu. A akapereka matumba 3 alandira nsalu 2, pomwe kwawo akanapeza 1.5. B walandira matumba 3 m'malo mwa 2. Mtengo ukapitirira matumba 2, A akana, aziwomba yekha.