Yezani buledi atazizira, osati ufa wokanda

Anzanga owotcha buledi kuno ku Ulongwe, mukafuna kudziwa sitachi, zomanga thupi ndi mafuta zimene zili m'kachidutswa ka buledi, kumbukirani kuti chimene chimauluka mu uvuni ndi madzi. Zomanga thupi ndi mafuta sizipita kulikonse, sitachi yekha ndiye yisiti amadyako pang'ono.

Dzulo ndinakanda ufa wa tirigu magalamu 500, mafuta 20, madzi, mchere ndi yisiti, zonse 850. Ufawo, malinga ndi papaketi, unali ndi sitachi 375, zomanga thupi 50, mafuta 5. Atapsa n'kuzizira, sikelo inati 750. Ndiye kachidutswa ka magalamu 50 ndi gawo limodzi mwa 15: sitachi 25, zomanga thupi 3.3, mafuta 1.7 pophatikiza a mu ufa ndi amene ndinathira aja.

Mukagawa ndi 850 mupeza sitachi 22 basi, mwadzinamiza, makamaka inu a shuga. Musamuyeze akadali wotentha, nthunzi imakhala ikutulukabe.