Fungo la nsomba mufiliji

“Magetsi anazima masiku awiri kuno ku Kasungu, nsomba zinawolera mufiliji. Ndatsuka kawiri ndi sopo koma fungo lakanirira. Ndipange bwanji?”

Pepani achemwali, sopo payekha sathetsa fungoli chifukwa madzi a nsombazo analowerera m'malo omwe nsalu sifika. Zimitsani filiji, muzule pulagi, mutulutse mashelefu onse mukatsukire panja. Kenako sungunulani masupuni awiri a soda wa therere mu lita imodzi ya madzi ofunda, mupukute mkati monse. Musathire madzi owira, amasweka nawo mashelefu agalasi.

Pofunika kufatsapo ndi pa labala ya chitseko. Itambasuleni ndi chala, mupeza zakuda zonanda m'mikwingwirima yake. Zikwecheni ndi mswachi wakale. Mukatero yang'anani kabowo kotulutsa madzi kukhoma la kumbuyo, chakumunsi. Thiranimo madzi a soda aja pang'onopang'ono. Madziwo amagwera m'kambale kamene kali kuseri kwa filiji, pamwamba pa kompuresa, injini yoziziritsa filijiyo, ndipo nthawi zambiri fungo limabisala mmenemo. Ine ndinavutika sabata yathunthu ndisanakatulukire kambaleka, ndinapeza madzi obiriwira. Kapukuteni mpaka kaume.

Siyani chitseko chotsekula tsiku lonse. Poyatsa, ikanimo mbale ya makala ouma osagwiritsapo ntchito, muziwasintha pakapita masiku atatu. Fungo likapitirira milungu iwiri ndiye kuti madzi a nsomba aja analowa mkati mwa khoma la filiji, kumeneko mpofunika mmisiri.