Werengerani Chimanga Chanu Musanadzale

Alimi anzanga, lembani bajeti mvula isanagwe. Tiyerekeze hekitala imodzi ya chimanga, mitengoyi musinthe malinga ndi kwanu. Mbewu makilogalamu 25, K150,000. Feteleza matumba anayi, awiri okulitsa ndi awiri obereketsa, K600,000. Ganyu, matumba, mankhwala a anankafumbwe ndi ngolo, K350,000. Zonse pamodzi K1,100,000.

Mukakolola matumba 60 n'kugulitsa K35,000 lililonse, mwapeza K2,100,000, phindu K1,000,000. Komatu musawerengere zokolola za chaka chabwino chokha. Kukachita ng'amba n'kupeza matumba 30, mwaluza K50,000. Thumba lililonse pamenepo lakudyerani pafupifupi K37,000, ndiye vendayo akabwera mu Meyi ndi mtengo wotsika, mudziwiretu poyambira kukana.