Yalani sikirini ya foni ngati benchi ya pamsika

Wogulitsa tomato sayika mulu wabwino kuseri kwa dengu. Koma mafoni ambiri a Android omwe ndimaona m'manja mwa amalonda, WhatsApp ili patsamba lachitatu, pamene tsamba loyamba ladzaza ndi magemu omwe anabwera ndi foniyo. Kasitomala adikire mpaka liti?

Yambani ndi kuwerenga mapulogalamu omwe mwatsegula dzulo ndi lero. Kawirikawiri ndi ochepa: yoimbira, ya mauthenga, WhatsApp, ya Airtel Money kapena Mpamba, ndi yowerengera masamu. Anayi ofunikitsitsa muwayike pamzere wa pansi penipeni, chifukwa mzere umenewu susuntha mukamatembenuza masamba, komanso chala chachikulu chimafikapo dzanja lina lili ndi chenji. Dinikizani kachithunzi ka pulogalamuyo osachotsa chala, ndiye mukakokere pomwe mukufuna.

Otsalawo aunjikeni m'mafoda. Kokerani kachithunzi kamodzi pamwamba pa kanzake, foda ipangika yokha. Itseguleni, muipatse dzina la Chichewa monga Ndalama kapena Macheza. Musapange mafoda khumi, mungayambenso kusakasaka. Atatu akwana.

Apa ndiye pofunika kusamala. Mukadinikiza kachithunzi, pamaoneka mawu awiri. Remove amangochotsa kachithunziko pasikirini, pulogalamu imatsala m'foni ndipo mungaipeze pamndandanda wa mapulogalamu onse. Uninstall amafufutiratu pulogalamuyo pamodzi ndi zosungidwamo. Mukatero ndi WhatsApp musanasunge bakapu, macheza onse apita, ngakhale aja a anthu angongole. Foni ikakufunsani ngati mukutsimikiza kufufuta, bwererani.

Pa mawijeti, timabokosi ta pasikirini togwira ntchito musanatsegule pulogalamu, yomwe ndimaikonda ndi imodzi. Dinikizani malo opanda kanthu pasikirini, sankhani Widgets, pitani pa Contacts, mutenge Direct dial, kenako musankhe munthu yemwe mumamuimbira tsiku lililonse, kaya ndi wakabaza kapena wokuodetsani katundu. Mukangokhudza kamodzi, foni yayamba kuitana. Wijeti imeneyi musaiyike pansi pomwe chala chimakhudza mwangozi, mayunitsi angathere m'thumba. Mafoni ena otsika mtengo a Android Go alibe mawijeti, choncho mukapanda kuona Widgets musaganize kuti foni yawonongeka.

Ngati foniyo ndi ya agogo kapena ya munthu wa maso ofooka, sinthani kayalidwe konse. Pa Samsung pitani ku Settings, Display, Easy mode, zilembo ndi zithunzi zikula. Pa mafoni ena mungatsitse lonchala yosavuta ku Play Store, ndiko kuti pulogalamu yomwe imayala sikirini, n'kuisankha pa Settings, Apps, Default apps, Home app. Lonchala yatsopano imayamba ndi sikirini yakeyake, ndiye mafoda aja muwapanganso. Mukaona zotsatsa malonda zikutulukira zokha kapena bando ikutha msanga mutangoiyika, bwererani ku Home app, musankhe yakale ija, yatsopanoyo muifufute.